Sanalipira kapena sanalipire? Yankho kwa mlembi wa ku Makawa

"Ndine mlembi wa komiti ya asodzi kuno ku Makawa. Pa chidziwitso ndinalemba kuti, 'Asodzi amene sanalipira ndalama ya chiphaso sadzalowe m'nyanja.' Apampando akuti Chichewacho chapindika, koma sakundiuza pomwe chapindikira. Ndithandizeni."

Bambo mlembi, apampando anuwo khutu lawo ndi lakuthwa. Chiganizocho chili ndi aneni awiri okana, ndipo onse awiri mutu ndi mchira wake sizikugwirizana.

Tiyambe ndi sanalipira. Kumutu kuli bwino. Pokana timaika si- kutsogolo, ndipo akakumana ndi a- wa asodzi, i amamezedwa n'kutsala sa-. N'chimodzimodzi ndi u-: timati sunabwere, osati siunabwere. Kwa ndi-, ti-, mu-, chi-, zi- ndi li- palibe chomezedwa: sindinapite, sitinagule, bwato silinafike, nsomba sizinaume.

Mwaona mathero a zitsanzo zonsezi? Ndi -e. Mneni wokana akakhala ndi -na- kapena -da- wa nthawi yakale, a wakumapeto amasanduka e. Ndinalipira, sindinalipire. Adagula, sadagule. Ndalipira nayenso amakanidwa ndi sindinalipire yemweyo. Choncho apa lembani sanalipire. Mukandiuza kuti munaonapo mawu ngati sanadziwa m'Buku Lopatulika sindikutsutsani, alimodi, ndipo agogo ena amayankhulabe choncho. Koma Baibulo limenelo linatuluka mu 1922, pamene chidziwitso chanu chikawerengedwa ndi anthu ozolowera Chichewa cha kusukulu ndi cha m'nyuzipepala za lero.

Wachiwiriyu ndiye ali ndi nkhani. Sadzalowe watenga mutu wa mneni wina ndi mchira wa mneni winanso, ndiye muyambe mwadzifunsa chomwe komiti ikufuna kunena. Ngati mukungofotokoza zomwe zidzachitike, mneni ndi sadzalowa. Nthawi yam'tsogolo ikakanidwa ndi si- imasunga -a wake: sindidzabwera, sitidzagulitsa, mwera sudzaomba. Koma ngati mukuletsa, si- alibenso ntchito. Choletsa ndi -sa-, ndipo sakhala kutsogolo, amabwera pambuyo pa kaphatikizo koimira munthuyo: u-sa-lowe, mu-sa-lowe, a-sa-lowe. Apa mathero ndi -e nthawi zonse, ngakhale -dza- alowe pakati: asadzalowe. Ndiye musaloweze kuti "-dza- amayenda ndi -a", chifukwa lamulo lotero likugwetsani. Yang'anani kaye ngati mneniyo wayamba ndi si- wofotokoza kapena ali ndi -sa- woletsa.

Poti chidziwitso cha komiti ndi lamulo, ine ndikanalemba kuti: "Asodzi amene sanalipire ndalama ya chiphaso asalowe m'nyanja." -dza- ndamuchotsa dala, pokhapokha ngati chiletsocho chiyambe tsiku lina m'tsogolo.

Kalembo a ka kumutu kwa mneni muzikasamala kwambiri, chifukwa kakasowa kapena kakalowerera tanthauzo limatembenuka. Sanalipire ndi munthu amene ndalama sanapereke. Asanalipire ikunena za nthawi: "Musamupatse chiphaso asanalipire." Onse amathera ndi -e, onse ndi Chichewa chabwino, moti wowerenga mothamanga saona vuto. Mukalemba m'kaundula kuti "bwato linanyamuka asanalipire", mwanena kuti ulendo unayamba ndalama zisanaperekedwe, mwina analipira pobwera. Mukalemba "bwato linanyamuka, sanalipire", mwamuika munthu pa ngongole.

Nthawi zina zotsalazi sizivuta. Sindikupita, sindimapita, sindinkapita ndi sindipita zonse zimathera ndi -a. Kusapita ndi osapita nazonso -a. Sindingapite yekha ndiye amatenga -e, monga amachitira ndingapite.

Pomwe alembi ambiri amapunthwa ndi pamene mneni wavala -nso, -ko kapena -po kumapeto. Diso limaona o n'kudutsa. Vulani kachidutswako muone chomwe chatsala. Sanabweranso mukamuchotsa -nso atsala sanabwera, ndiye mwamugwira: ndi sanabwerenso. Sindinapitako akhale sindinapiteko. Koma sadzabweranso ali bwino momwemo. Mneni akatalika, e amapita kumapeto kwenikweni kwa tsinde lonse: usipa sunagulitsidwe, sanatilipirire. Akafupika n'chimodzimodzi: sanadye, sanamwe.

Mneni -li yekha musamukakamize. Timati sanali pamsonkhano, sindinali kunyanja, ndipo e salowapo. Pokana kukhala ndi chinthu, si- sabwera n'komwe: alibe chiphaso, analibe ukonde. Ndipo si akaima patsogolo pa dzina kapena mlowam'malo mulembeni payekha, "si chambo", "si iyeyo", pamene pa mneni amamatirira: sichinagwidwe.

Musanakakhome pepalalo padoko, liwerengeni mokweza apampando akumva, mukuima pa mneni aliyense wokana.