Sikirinishoti yodulidwa ija, musanayimbe foni

"Amayi anzanga ndithandizeni, mutu waima. Msuweni wa amuna anga wanditumizira sikirinishoti iyi ya mugulupu ya WhatsApp ya abale awo, ine mulibemo. Nkhani ndi yosonkha ndalama za chiliza cha apongozi. Achemwali awo a amuna anga alemba kuti 'Alamu asiyeni' kenako 'Olo muwauze palibe chomwe angachite', pansi pali kkkk. Si kundinyoza uku? Ndiwayimbire ndiwalalatire kapena nditani?"

Asisi pepani, zimawawa ndithu kuona anthu akukukamba kuseri. Koma foni ija muyisiye kaye patebulo usiku uno, ine ndayiyang'anitsitsa sikirinishoti mwayikayi ndipo ndikuona kuti mwapatsidwa yankho lokha, funso lake lachotsedwa. Munthu sangodzuka n'kulemba kuti "asiyeni" popanda wina kuyamba kunena kanthu. Ndiye mawu amene ali pamwamba pake, omwe simunawaonewo, ndi amene angakuuzeni ngati mlamu wanuyo amakunyozani kapena amakuikirani kumbuyo.

Tayesani nokha. Tiyerekeze kuti pamwambapo wina analemba kuti "Nanga alamu aja sasonkhako? Aja amakonda kudzionetsa pamaliro", mlamu wanu nde n'kuyankha zomwe mwaonazo. Apo zikhoza kumveka ngati mnyozo, eya. Tsopano tiyerekeze kuti wina analemba kuti "Ndalama zaperewera, tiwauze alamu awonjezereko", mlamu wanu akudziwa kuti mwezi uno mwalipira fizi ya ana kapena mwakhala muli kuchipatala ndi mwana, nde akuti asiyeni, olo muwauze palibe chomwe angachite. Mawu omwewo, chilembo ndi chilembo, koma apa ndi munthu woti akukutchingirani kuti abale asakupanikizeni. Pakamwa mukanamva kusiyana kwake nthawi yomweyo chifukwa kunyoza kuli ndi kamvekedwe kake, chifundonso chili ndi kake, koma pa WhatsApp zonsezo zimafera m'njira. Chichewa chathuchinso polemba sitisonyeza kukweza kapena kutsitsa mawu, paja mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga timalemba chimodzimodzi, chimatithandiza ndi chiganizo chonse. Ndiye chiganizo chonsecho wina akachidula watsala ndi chani?

China chomwe chandidabwitsa n'choti mwatsimikiza kuti alamu akunenedwawo ndi inuyo. Mwina ndinudi. Koma banja limenelo alamu alipo angati? Amuna anu ngati ali ndi achimwene okwatira, akazi awo onse ndi alamu kwa achemwaliwo, amuna a achemwali enanso ndi alamu. Mawu oti "asiyeni", "muwauze", "angachite" sakuuza kuti ndi munthu mmodzi wopatsidwa ulemu kapena anthu atatu, sakuuzanso kuti ndi wamwamuna kapena wamkazi. Dzina lanu pa sikirinishotipo palibe. Amene wakuuzani kuti ndi inu ndi msuweni uja, osati chithunzicho.

Ndiye yang'anani nthawi, timanambala tating'ono tili pakona ya meseji iliyonse tija. Mameseji awiri a mlamu wanu ali pa 19:42 ndi 19:43. Kkkk uja ali pa 21:15. Ola limodzi ndi theka pakati! Munthu saseka nthabwala patadutsa ola ndi theka, pokhapokha ngati bandulo inamuthera kapena foni inazima ndi kuthima kwa magetsi, zomwe zimachitika inde, koma n'zothekanso kuti pakatipo panali mameseji ena ndipo kkkk uja amaseka zina. Apa mudziwe kachinthu kena. Munthu akachotsa meseji kwa onse, pamatsala chizindikiro cholembedwa "This message was deleted", aliyense amaona kuti panali kanthu. Koma akasankha "Delete for me", mesejiyo imangosowa pafoni yake yokha osasiya chipsera chilichonse, yam'mwamba ndi yam'munsi zimangogundana ngati zinatsatizana. Ndiye munthu akhoza kuchotsa mameseji atatu apakati, olo ake omwe amene anayambitsa nkhaniyo, kenako n'kujambula sikirini, chithunzi chimatuluka choyera bwinobwino. Sindikuti msuweniyo wachita zimenezi ayi, ndikungoti chithunzi sichingakuuzeni kuti sanachite.

Kkkk ujanso walemba ndani? Mugulupu dzina la wolemba limaoneka pamwamba pa meseji yake yoyamba, ndipo mameseji a mwini foni amakhala kumanja obiriwira, a ena onse kumanzere. Pa yanuyi kkkk ali kumanja. Kutanthauza kuti woseka ndi yemwe wakutumizirani uja, si mlamu wanu. Izi ndiye muziganizire bwino.

Pamwamba penipeni padulidwanso, kamalembo kosonyeza tsiku kaja, "Today" kapena "Yesterday" kapena deti, sikakuoneka. Pameseji pamangokhala ola, tsiku palibe. Nkhani za chiliza tonse timadziwa zimatenga miyezi, anthu amayamba kukambirana akangokolola mpaka kudzamanga mvula isanagwe, ndiye mawuwa akhoza kukhala a dzulo kapena a miyezi inayi yapitayo pomwe zinthu kwanu zinali zina.

Ine zinandichitikirapo mubanki mkhonde yathu. Mnzanga wina ananditumizira chidutswa pomwe msungichuma wathu analemba za ine kuti "ameneyo ndi wakuba, ndimudziwa". Ndinagona ndi njala tsiku limenelo, ndikuuzani, mpaka ndinalemba meseji yayitali yotuluka mugulupu mwamwayi netiweki inavuta sinapite. Kutacha ndinapita kwa mnzangayo ndati ndione pafoni pako. Pamwamba pake panali voisi noti ya masekondi 40, ya mayi wina akufunsa kuti ndani anatenga chitenje chake pamsonkhano wapitawo, pansi pake panali sitika ya mwana akugubuduka ndi phwete, ndipo ine ndemwe ndinanyamula chitenjecho mosazindikira. Msungichumayo ndi msuweni wanga, ife timatukwanana chonchi kuyambira tili ana, pachisuweni mumadziwa mmene zimakhalira. Mnzanga uja sanadule mwa nkhanza, iye sankadziwa za chisuweni chathucho nde anaona ngati akundithandiza. Kuyambira pamenepo voisi noti ndimayiopa pa sikirinishoti, imangooneka kamzere ndi manambala a kutalika kwake pomwe nkhani yonse ili mmenemo.

Tsono kwa msuweniyo musapite ndi ukali, mungomuuza kuti "zikomo pondidziwitsa, tanditumizireko zomwe zili pamwamba pake kuyambira pomwe nkhani yosonkhayi inayambira tsiku limenelo, tsiku lizioneka". Mufunseni kuti anayambitsa ndani, ndipo mawu enieni amene mlamu wanu amayankha anali oti chani. Mameseji ambiri mugulupu anthu amayankha pogwira meseji ya mnzawo, ndiye pamwamba pa yankho pamakhala kabokosi kosonyeza mawu oyankhidwawo, pa yanuyi mpeni wadutsa ndendende pamutu pa meseji yoyamba moti sitingadziwe ngati kabokosiko kanalipo. Mufunsenso ngati panali voisi noti, ngati ilipo akutumizireni mumve nokha ndi makutu anu. Ndipo funsani kuti pakati pa 19:43 ndi 21:15 panalembedwa chani, komanso ena anayankha bwanji. Ngati wina analemba kuti "zoona, akuvutika kale ndi odwala" basi nkhani yatha pomwepo. Timaimoji timene anthu amaika pansi pa meseji natonso timathandiza, manja opemphera ndi nkhope yoseka mpaka misozi si chinthu chimodzi.

Kuposa zonsezi ndi kukumana naye, foni mugwire m'manja mwanu mukwere nayo m'mwamba nokha. Ngati ali kutali, ajambule vidiyo ya sikirini akutsika kuchokera pa tsiku mpaka pansi. Ena anena za "Export chat", ija imatulutsa macheza onse ngati fayilo ya malembo, koma ine sindingakulangizeni, chifukwa mutenga nkhani zonse za banja la eni zomwe sizikukukhudzani ndipo zikadziwika mlandu usanduka wanu, komanso fayilo ya malembo munthu amatha kuyisintha mosavuta kuposa chithunzi. Ndipo mukumbukire kuti olo foni ya msuweniyo muyigwire, zomwe anachotsa yekha simuzipeza. Ofunika ndi munthu wachiwiri wa mugulupu yomweyo. Asisi, amuna anu sali mugulupu ya abale awo? Foni imene mukuyifunayo mwina ikuchajidwa kuchipinda kwanu komweko. Musabe pasiwedi ayi, afunseni, muwaonetse chithunzicho muti tandionetseni nkhaniyi inayenda bwanji.

Mmene msuweniyo ayankhire zikuuzani zambiri. Wopanda chobisa amangotumiza, mwinanso kuposa zomwe mwapempha. Koma mukamva "aaa zinazo n'zosafunika", "ndadilita kale", "musanene kuti ndakuuzani ndine", kapena akabweretsa chidutswa china chodulidwanso pena, dzifunseni kuti iye ndi mlamu wanuyo akukhalitsana bwanji masiku ano. Pankhani za ndalama za chiliza pamakhala kukokana, wina akufuna kusunga ndalama wina wakanizidwa, ndipo mkazi wokwatiwa m'banjamo ndi amene amasanduka ndodo yomenyera mnzawo mosadziwa. Kunena mwachilungamo, kudiliti kwina n'koona, magulupu ena anatchera mameseji kuti azifufutika okha pakatha maola 24, masiku 7 kapena masiku 90, nde "zafufutika" si bodza nthawi zonse. Koma zikakhala choncho zifufutika kwa onse, amuna anu akhoza kutsimikiza.

Funso lina mudzifunse nokha chifukwa ife mugulupu muno mlamu wanuyo sitikumudziwa. Amalemba bwanji masiku onse? Pali anthu ena meseji yawo ndi mawu atatu, opanda moni opanda imoji, olo akukufunira zabwino zimamveka ngati wapolisi pa lodibuloko. Tsegulani macheza anu ndi iye muone. Ngati amalemba mwachidule chonchi kwa aliyense, kuuma kwa mawuwo si umboni. Onaninso kuti sanati "musiyeni" kapena "ameneyo", wati "alamu asiyeni", ulemu sunachoke. Zoona ena amanyoza ndi ulemu womwewo, ndiye sindikumuyeretsa.

Mukaona zonse n'kupeza kuti kunalidi kunyoza, mukhala ndi nkhani yathunthu yopita nayo kwa amuna anu kapena kwa ankhoswe, osati kachidutswa koti iye adzangoti "simunaone zam'mwamba" inu n'kusowa chonena pagulu. Ndipo sikirinishotiyi muyichotse muno mukamaliza kuwerenga makomenti, tilipo ambiri, wina ayijambulanso ayidule pake pake ikafike kwa iye isanakwane mawa.