Lole ya akazi a dayilekitala: chitani izi musanasayine kontirakiti

"Tili ndi kampani yogula chitowe pa Ngabu ndi pa Bangula, madayilekitala tilipo asanu. Mmodzi wa ife wapeza lole yoti izititengera katundu ku Blantyre pa K900,000 ulendo umodzi, pomwe ena akutchaja K1,000,000. Tamva kuti loleyo ndi ya akazi awo. Poti mtengo ndi wotsika, pali vuto?"

Vuto lilipo achimwene, ndipo kutsika kwa mtengo sikulichotsa. Lamulo la makampani la Malawi la 2013 limafuna kuti dayilekitala azitumikira kampani mokhulupirika, azipewa kuima pamalo pomwe phindu lake likulimbana ndi la kampani, ndiponso aziulula ngati ali ndi gawo pa malonda omwe kampani ikufuna kuchita. Ndalama yolowa kwa akazi awo ikulowa m'nyumba yomwe iwonso amadyamo. Pokambirana mtengo, ndiye kuti munthu mmodzi wakhala mbali ya wogula ndi ya wogulitsa yomwe.

Mfundoyi ndi yakale. Pa mlandu wa mu 1854 ku Britain, wapampando wa kampani ya njanji ya Aberdeen analinso mmodzi wa eni bizinesi yomwe inkagulitsa zitsulo ku kampaniyo. Khoti lalikulu linati kampani ili ndi ufulu wokana kontirakitiyo, ndipo linakana n'kufufuza komwe ngati mtengo unali wabwino.

Chifukwa chake mudzachiona ntchito ikayamba. Tinene kuti nyengo yonse mupanga maulendo 20. Ndiye kuti K18 miliyoni yapita ku banja limodzi, inu mwapulumutsa K2 miliyoni. Tsiku lina lole yafera pokwera mapiri kuchoka pa Thabwa, yagona panjira, mvula yanyowetsa matumba 40, wogula ku Blantyre wawakana. Ndani adzalembe kalata yoti mwini lole alipire? Ngati ndi dayilekitala yemweyo amene amayang'anira zamtengatenga, mudzamva kuti zinali ngozi, tiiwale. Matumba akamafika opereŵera pa sikelo, kapena mtengo ukakwera pakati pa nyengo ponamizira dizilo, nkhani idzakhala yomweyo. K2 miliyoni ija ikhoza kuthera pa ulendo umodzi, popanda woifunsa.

Chomwe chikutidetsa nkhawa kwambiri ndi mawu anu oti "tamva". Ulendo wa lole ya m'banja si mlandu pawokha. Kuno kuchigwa anthu a malole aakulu ndi oŵerengeka, ndipo n'kovuta kupeza amene si mlamu wa wina. Cholakwika ndi choti mwiniwake sananene, mwakamva kwa ena.

Itanani msonkhano wa bodi musanasayine chilichonse. Dayilekitalayo anene, ndipo alembe papepala, kuti lole ndi ya yani, ngati iwo anaikapo ndalama poigula, komanso ngati pali chomwe alandirepo pa ulendo uliwonse. Kungoti "eni ake ndimawadziŵa" sikuulula, chifukwa bodi iyenera kudziŵa mtundu wa gawo lawo ndi kukula kwake. Inuyo onani bulubuku ya galimoto ndi pepala la inshulansi ya katundu, musangomva pakamwa. Akatha kufotokoza atuluke, anayi otsalanu mukambirane ndi kuvota. Malamulo a makampani ena amalola munthu wotere kuvota akaulula, choncho ŵerengani anu, muonenso ngati anayi akukwanira kupanga chiganizo. Koma ngakhale atalola, ife tikuti asavote.

Patebulo pakhale makoteshoni olembedwa a anthu ena aŵiri kapena atatu, ndipo akawatenge wina, osati iwowo. Munthu amene waona kale mitengo ya anzake savutika kutsitsa pang'ono kuti apambane. Bodi ikasankha lole ya mayiwo, palibe choletsa, bola kontirakiti inene wolipira katundu akaonongeka, ndipo wosayinira malipiro ndi woŵerenga matumba akhale dayilekitala wina. Mlembi alembe m'maminitsi zomwe zaululidwa, nthawi yomwe anatuluka ndi momwe voti yayendera.

Ngati anasayina kale mobisa, kampani ikhoza kuthetsa kontirakitiyo ndi kufuna kuti abweze phindu lomwe apeza, kapena eni masheya akhoza kuivomereza atauzidwa zonse. Musazengereze apa, chifukwa mukapitiriza kukweza katundu pa loleyo mukudziŵa, khoti likhoza kuona ngati munavomereza. Pitani kwa loya ndi kontirakitiyo, malamulo a kampani yanu, maminitsi ndi malisiti a maulendo omwe alipiridwa kale.