Sopo amene akukukungani nkhope, muyeseni ndi tameriki

"Amayi anzanga thandizeni, ndikasamba kumaso khungu limakungika ngati ng'oma kenako limatuwa mbuu, ziphuphu osatha. Wina wandiuza kuti ndi nkhani ya pH ya sopo. Ndingadziwe bwanji ndilibe makina oyezera?"

Achemwali, wakuuzaniyo sananame. pH ndi muyeso wa kuwawasira kwa chinthu, nambala ikatsika ndiye chowawasa, ikakwera ndiye chili mbali ya chidulo. Pamwamba pa khungu lathu pamakhala kowawasira pang'ono, pH yake imasewera pa 4.5 mpaka 5.5. Sopo weniweni, uja amapanga posakaniza mafuta ndi kositiki soda, amakhala pa 9 kapena 10, wa mtanda wochapira zovala nthawi zina kuposa apo. Musaone ngati manambalawa ayandikana, sitepe imodzi ndi kuchulukitsa ka 10, ndiye kuchoka pa 5 kufika pa 10 ndi mtunda wautali zedi.

Ganizirani zimene chidulo chimachita ku therere kapena nkhwani, masamba aja amafewa n'kulekana. Sopo ali mbali yomweyo ya chidulo. Khungu lakunjali lili ngati khoma, timaselo ndiye njerwa, mafuta apakati pake ndiye matope omangira, ndipo thupi limapanga mafuta amenewa bwino pakakhala powawasira. pH ikakwera kupangako kumachepa, komanso tomangira timaseloti timayamba kuduka msanga, basi madzi amathawa m'khungu, kukungika ndi kutuwa kumene mukunenako. Tizilombo tina toyambitsa zilonda timakondanso pamene pH yakwera. Khungu limadzibweza lokha inde koma zimatenga maola angapo, ndiye ngati mukusamba kumaso katatu patsiku poti mukulimbana ndi ziphuphu, silipuma n'komwe, makamaka Juni ndi Julaye kukamawomba kamphepo kouma kaja.

Poyamba tembenuzani paketi muwerenge mayina awiri atatu oyambirira. Mukaona sodium palmate, sodium tallowate, sodium cocoate kapena potassium cocoate, ameneyo ndi sopo weniweni ndipo ali pa 9 kupita m'mwamba, olo alembe kuti muli uchi, mkaka kaya ndi wa zitsamba. Sopo wakuda uja amapangira phulusa nayenso ali komweko. Mukaona sodium cocoyl isethionate, cocamidopropyl betaine kapena decyl glucoside, ndi mtundu wina wosambira umene nthawi zambiri umakhala pakati pa 5.5 ndi 7. Samalani, cocoate ndi cocoyl zimafanana m'maso koma si zimodzi ayi.

Wogula pamsika wopanda paketi ndiye muyese chonchi. Ine ndinayesa wa mwana wanga wamkazi amene masaya ankathetheka akadzola chilichonse. Ndinasungunula theka la supuni yaing'ono ya ufa wa tameriki m'madzi ochepa, n'kupaka pa kansalu koyera mpaka kachita chikasu. Kenako ndinanyowetsa sopo wake n'kukhudzitsa pakona imodzi, pakona ina ndinadonthezapo chosambira chamadzi chimene pabotolo analemba pH 5.5. Pa sopo paja panafiira nthawi yomweyo ngati dothi la katondo, penapo panangokhala chikasu chomwecho. Ndi zomwe zimachitika mukamachapa malaya amene adonthera ndiwo zothira tameriki, banga lija limafiira likakumana ndi sopo. Tameriki amayamba kufiira pH ikafika cha ku ma 8, ndiye sangakuuzeni ngati chinthu chili pa 5 kapena pa 7, amangokugwirirani amene ali pamwamba. Kwa ine zimenezo zimakwana.

Mukafuna kutsimikiza, palani kasopo pang'ono m'kapu ya madzi ofunda, mutakase mpaka thovu, n'kuthiramo supuni ya viniga. Sopo weniweni amachita mitambo ngati mkaka wosasa ndipo thovu limafa, winayo thovu limatsalabe.

Koma musatengeke ndi nambala yokha. Chosambira chitha kukhala pa 5.5 n'kumakokololabe mafuta onse, makamaka ngati sodium lauryl sulfate ali koyambirira. Ndiye mukasamba mupukute mopepuka, osadzola kanthu, mudikire mphindi 15. Mukamwetulira n'kumva kukoka m'masaya, sichikukuyanjani. Kuja chala chimachita kugwira pakhungu osatereraku ambiri amati ndiye kuyera, pamene ndi mafuta anu apita, ndipo madzi a pamjigo akakhala amchere sopo amasiyanso zoyera zija zimamatirira m'beseni, pakhungu zimatsalanso.

Ndikupempheni chimodzi, musati poti khungu limafuna kuwawasira ndiye mupake ndimu, ndimu ili cha pa 2 ndipo imawotcha n'kusiya mabanga akuda mukapita padzuwa. Soda wophikira nayenso ayi. Sopo wanuyo musambire m'khwapa ndi kumapazi, kumaso pezani chofatsa, kamodzi madzulo, m'mawa madzi okha, n'kudzola khungu lisanaumiretu. Mwana wanga masaya anasiya kuthetheka patatha masabata atatu. Inu mukaona mwezi watha likuyabwabe, likung'ambika kapena likutuluka madzi, pitani kuchipatala akakuoneni.