Sindikudziwa ngati ndi bambo kapena mayi, kalatayi ndiyambe bwanji?

"Abale ndithandizeni. Ndikulemba kalata yopempha ntchito ku bungwe lina, ndipo akuti tilembe m'Chichewa chifukwa ndi ntchito ya kumudzi. Pachilengezo angoti titumize kwa Chisomo Mwale, mkulu woona zolemba anthu ntchito. Kodi ameneyu ndi bambo kapena mayi? Malonje ndilembe bwanji, nanga potsanzika ndimati chiyani?"

Anzanga, musalotere. Ndaona ena poyankha funsoli akuti lembani Bambo chifukwa mabwana ambiri ndi amuna, ena akuti Chisomo ndi dzina la atsikana. Onsewo akungoombeza. Chisomo, Chikondi, Mphatso, Thokozani, Chimwemwe, Pemphero, Takondwa, Yamikani, awa ndi maina amene makolo amapatsa mwana poona zomwe zinachitika pa nthawi yobadwa, osati poona kuti ndi wamwamuna kapena wamkazi. Mwale nayenso sakuthandizani. Kumudzi mkazi wa mfunda wa Phiri timamutchula kuti Naphiri, wa Banda ndi Nabanda, koma pa chitupa ndi pa chitseko cha ofesi onse amangolembedwa Phiri kapena Banda.

Mwayi wake ndi woti chiyankhulo chathu sichitikakamiza kusankha. Ulemu wa Chichewa uli pa kachilembo kamodzi ka "a" ndi pa kuchulukitsa, ndipo ziwirizi zimagwira kwa bambo ndi mayi mofanana. Ndiye pa malonje lembani kuti "Okondedwa a Mwale," basi mwatha. Palibe munthu wamkulu amene angakwiye poitanidwa kuti a Mwale. Onetsetsani kuti ndi "Okondedwa" osati "Wokondedwa", chifukwa "wo" ndi wa munthu mmodzi wa msinkhu wanu kapena wocheperapo, monga mng'ono wanu kapena mnzanu wa kusukulu. Ndipo "a" ameneyu mumulembe payekha, wamng'ono, dzina liyambe ndi chilembo chachikulu.

Pali kamsampha kamodzi musanathamangire kulemba "a Mwale". Muyenera kutsimikiza kuti dzina la makolo ndi liti. Kwa inu n'zosavuta chifukwa Mwale ndi mfunda wodziwika. Koma tiyerekeze kuti pachilengezo panalembedwa Chikondi Yohane, kapena Yohane Chikondi. Anthu ambiri, makamaka m'chigawo cha kummwera, amatenga dzina loyamba la bambo awo kukhala dzina lachiwiri, choncho Yohane ameneyu akhoza kukhala mayi amene bambo ake anali a Yohane. Komanso maofesi ena amakonda kuyamba ndi dzina la makolo monga zimakhalira pa kaundula wa kusukulu. Zikasokoneza chonchi, lembani dzina lonse monga momwe analilembera eni ake: "Okondedwa a Chikondi Yohane,". Limatalikirapo pang'ono koma simunalakwire munthu.

Ine ndikanakhala inu ndikanapita patsogolo pang'ono, n'kulembera udindo osati munthu. Kalata ya ntchito imakhala ndi makeyala awiri, yanu kumanja pamwamba ndi tsiku pansi pake, kenako ya wolandira kumanzere. Pa keyala ya wolandira yambani ndi udindo, dzina libwere pansi ngati mukufuna. Chifukwa chake n'choti a Mwalewo akhoza kukhala pa tchuthi kapena atasamutsidwa, ndipo kalata yolembedwa dzina lokha imatha kukhala m'dirowa kudikira mwini wake pomwe ya udindo imatsegulidwa ndi aliyense amene wakhala pampandopo. Ikhoza kuoneka motere:

Mkulu Woona Zolemba Anthu Ntchito,
(Kwa a Chisomo Mwale)
dzina la bungwe ndi keyala yake.

Okondedwa a Mwale,

PEMPHO LA NTCHITO YA ULANGIZI WA KUMUDZI

Ndalemba kalatayi pofuna kupempha ntchito ya ulangizi wa kumudzi yomwe munalengeza. Ndili ndi satifiketi ya Fomu 4 ndipo ndakhala ndikugwira ntchito yongodzipereka m'dera lathu lino.

Taonani kuti pambuyo pa malonje sindinafunse za moyo. Apa ndi pamene ambiri timagwa, chifukwa pachikhalidwe chathu kuyamba nkhani usanafunse kuti mwadzuka bwanji kumaoneka ngati mwano. M'kalata yamchezo, yopita kwa malume kapena kwa azakhali, inde funsani za moyo, za ana, ngakhale za mvula ndi mmera. Koma m'kalata ya ntchito, mawu oti "ndikhulupirira muli bwino, kuno tili bwino kaya inu kumeneko" amangodya malo, ndipo munthu amene ali ndi mulu wa makalata patebulo amayamba kukuonani ngati simudziwa kusiyanitsa. Mutu wa kalata ndi chiganizo choyamba zinene chomwe mwadzera.

Nanga "Okondedwa Bambo/Mayi" amene tinaphunzira kusukulu uja? Ndi wolondola, koma malo ake ndi pamene dzina simukulidziwa n'komwe, mwachitsanzo akangoti tumizani kwa Mphunzitsi Wamkulu kapena kwa Mlembi wa komiti. Dzina akakupatsani ndiye inu n'kulembabe Bambo/Mayi, zimaoneka ngati kalata imodzimodziyo mwaitumiza ku mabungwe khumi. Kulemba "Bambo/Mayi Mwale" ndiye kumaipiratu, chifukwa mukuuza munthuyo pamaso kuti simukumudziwa. Mawu oti "Kwa amene zikumukhudza" asiyeni akhale a kalata ya umboni, imene mfumu kapena bwana wakale amakulemberani kuti muzikaionetsa paliponse.

Pamene munthu ali ndi dzina laulemu la udindo wake, ntchito imaphweka kwambiri chifukwa ambiri mwa mainawa sasankha mwamuna kapena mkazi. Dokotala ndi Dokotala, Pulofesa ndi Pulofesa, phungu wa Nyumba ya Malamulo ndi Olemekezeka. Woyang'anira boma timamutchula kuti Bwanamkubwa ngakhale ali mayi. Mafumu nawo chimodzimodzi. Ku Dedza, mpando wa Kachindamoto unakhala zaka zambiri m'manja mwa mayi, Theresa Kachindamoto, amene anatchuka pothetsa maukwati a ana. Munthu wongomva dzina loti Kachindamoto n'kulemba kuti "Bambo" akanapalamula, pomwe wolemba kuti "Gogo Chalo" kapena "Mfumu Yaikulu Kachindamoto" analibe mlandu. Ku mpingo samalani ndi kamodzi aka: masiku ano abusa achizimayi alipo, ndipo nawonso ndi "Abusa". Mukalemba "Mayi Busa" ambiri amamva kuti mukunena mkazi wa abusa, ndiye mwawatsitsa pa udindo wawo. Mawu oti "Bwana" m'maofesi ambiri amagwira kwa onse pakamwa, koma palipo amayi ena amene sawakonda, ndipo "Adona" amatha kumveka ngati chipongwe. Papepala ine ndimawapewa onse awiri.

Ngati mukufunitsitsa kudziwa, njira yabwino ndi kuimba foni ku ofesiko n'kufunsa wolandira alendo kuti, "Pepani, ndikulembera kalata a Chisomo Mwale, kodi ndilembe Bambo kapena Mayi?" Funso limeneli sadabwa nalo. Zomwe sindikukulangizani ndi ukazitape wa pafoni. Chithunzi cha pa WhatsApp chimanama, abambo ambiri amaikapo akazi awo kapena mwana, amayi amaikapo amuna awo kapena vesi. Enanso amalowetsa nambala pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuti aone dzina lomwe lituluke. Chimene chimatuluka ndi dzina la amene analembetsa nambalayo ndi chitupa chake, ndipo tonse tikudziwa kuti manambala ambiri analembetsedwa ndi achibale. Likatulukanso lomwelo la Chisomo, mwabwerera pomwe munayambira.

Tsopano kutsanzika. Lamulo lake ndi loti mathero afanane kulemera ndi malonje. Mwayamba mwaulemu wa ku ofesi, malizani mwaulemu wa ku ofesi. Chiganizo chotsiriza chikhale chachifupi ndipo chinene chimene mukuyembekeza, monga "Ndidzathokoza pempho langali likaganiziridwa, ndipo ndine wokonzeka kubwera kudzayankha mafunso tsiku lililonse lomwe mungandiitane." Kenako mudumphe mzere n'kulemba "Ine wanu wokhulupirika," muikepo siginecha yanu, ndipo pansi pa siginechayo mulembe dzina lanu lonse mooneka bwino. "Ine wanu," payekha nayenso ndi wokwanira, makamaka pa imelo. "Ine mwana wanu," ndi wa kwa makolo, kwa mfumu ya kwanu kapena kwa abusa amene amakudziwani. Kwa munthu wolemba ntchito amamveka ngati mukufuna kulowera pa chibale. "Tsalani bwino" ndi "tionana" ndi za kalata yamchezo. Za "Ambuye akudalitseni" anthu amasiyana maganizo, koma poti simukudziwa ngati a Mwale ndi Mkhristu, Msilamu kapena sapemphera, ine ndingasiye pokhapokha bungwelo lili la mpingo. Komanso musachonderere mopitirira, zija zoti "chonde chonde bwana ndikugwadirani, ndine wovutika". Pempho la ntchito limayenda ndi zomwe mungathe kuchita.

Chinthu china chimene chimawonongetsa kalata yabwino ndi kusakaniza ulemu pakati pa njira. Munthu amayamba ndi "Okondedwa a Mwale" koma m'ndime yachiwiri n'kulemba "ndikukupempha kuti undiganizire". Mukamaliza werengani mokweza, muone kuti paliponse pali "inu", "mu" ndi "ni": ndikukupemphani, mundiganizire, mukandiyankha, ofesi yanu.

Ngati tsiku lina mudzalemba m'Chingerezi, pamenepo mpovutirapo chifukwa kulibe "a" wathuyu. Dzina likadziwika koma osadziwa ngati ndi bambo kapena mayi, lembani dzina lonse, `Dear Chisomo Mwale,` ndipo mutseke ndi `Yours sincerely,`. Dzina likakhala losadziwika, ndi `Dear Sir/Madam,` ndipo mnzake wake ndi `Yours faithfully,`. Awiriawiriwa sasinthanitsidwa pa kalembedwe kamene timatsata kuno.

Mukatumiza pa WhatsApp, makeyala safunika koma ulemu ndi womwewo. Musatumize "Moni" yekha n'kudikira, kapena "bho bwana". Uthenga umodzi unene zonse: "Mwaswera bwanji a Mwale. Dzina langa ndine wakutiwakuti wa ku Mponela. Ndatumiza kalata yopempha ntchito ya ulangizi pamodzi ndi mapepala anga a sukulu. Zikomo kwambiri." Apa kamoni kamodzi n'kololedwa chifukwa pafoni timakhala ngati tikuyankhulana, kungoti kagwirizane ndi nthawi, mwadzuka bwanji m'mawa, mwaswera bwanji masana ndi madzulo.

Akakuyankhani, yang'anani m'munsi momwe adzitchulira okha. Akalemba kuti Mayi Mwale kapena Bambo Mwale, kuyambira pamenepo tsatirani zomwezo. Akangolemba Chisomo, musatengeke n'kuyamba kuwaitana ndi dzina loyamba, pitirizani ndi "a Mwale" mpaka atakuuzani okha. Ndipo ngati dzina lanu nalonso lili la gulu la Mphatso ndi Thokozani, athandizeni a Mwalewo polemba (Mayi) kapena (Bambo) kutsogolo kwa dzina lanu pansi pa siginecha, kuti pokuimbirani foni adziwe mokutchulirani.