Ndime yoyamba yomulowetsa wowerenga m'chigayo

"Zikomo alembi. Ndine mphunzitsi wa ku pulayimale kuno ku Kasungu, ndipo ndikulemba nkhani yaifupi ya Tadala, mtsikana wa zaka 12 amene watumidwa kuchigayo ndi ndalama yoperewera. Ndayamba chonchi: 'Linali tsiku lotentha kwambiri. Pachigayo panali anthu ambiri ndiponso phokoso losaneneka. Malowo anali auve ndi onunkha. Tadala anafika ali wotopa komanso wodandaula.' Mnzanga atawerenga wati sakuonapo chigayo chilichonse. Ndiwonjezere chiyani kuti m'mizere yochepa munthu amve ngati ali pomwepo?"

Aphunzitsi, mwachita bwino kutumiza ndimeyo momwe ilili, chifukwa tigwira ntchito pa iyo yomweyo. Mnzanuyo wanena zoona, ndipo mungathe kudzionera nokha. Fufutani mawu oti "pachigayo" muikepo "pamsika". Werengani. Ikaniponso "padepoti ya basi", kenako "pachipatala". Ndime yonse ikukhalabe yoona paliponse pamene mwaiika. Ndime yokwana malo onse ilibe kwawo, n'chifukwa chake wowerenga sakudziwa poima.

Vuto lagona pa mawu awa: lotentha, ambiri, losaneneka, auve, onunkha, wotopa, wodandaula. Onsewa ndi chigamulo chanu. Inu munaona, munamva, munanunkhiza, kenako mwatipatsa zimene mwaweruza, umboni wake n'kuusunga nokha. Wowerenga akufuna chinthu chimene chinakuchititsani kunena kuti "onunkha". Choncho musawonjezere kanthu pamwamba pa ziganizo zinayizo. Chiganizo chilichonse chichoke, ndipo m'malo mwake mubwere chinthu chomwe chinabereka chigamulocho.

Zinthu zimenezo sizipezeka mutakhala pa tebulo. Tengani chimanga mupite nokha kuchigayo, ndipo poyembekezera mzere mutsinzine kwa kanthawi. Ndikunena zotsinzina chifukwa maso amafulumira kutipatsa zimene aliyense akudziwa kale, pamene khutu, mphuno ndi khungu zimagwira zimene sitinazitchulepo. Mudzazindikira kuti phokoso la chigayo lili pamitundu. Cha dizilo chimagunda, chimamveka munthu akadali kutali, ndipo mukafika pafupi kugundako kumakwera kuchokera pansi kudzera m'mapazi. Cha magetsi chimalira mosadukiza. Kulirako kumasintha chimanga chikathiridwa, kumalemera, n'kupepukanso chikamatha, moti mayi wozolowera amadziwa ndi khutu kuti chake chatha. Anthu salankhulana bwinobwino, amakuwa kapena kulozerana. Ufa umatuluka uli wofunda m'manja. Mphale yomwe inaviikidwa masiku angapo imabwera ndi kafungo kake kowawasa, kosiyana ndi ka chimanga chouma cha mgaiwa. Ndipo ufa umakhala paliponse: pa ukonde wa akangaude kudenga, pa nsidze za wachigayo. Lembani zonsezi m'kope, zichuluke ndithu, ngakhale m'ndimemo mulowa zinayi kapena zisanu zokha.

Tsono funso limene ndime yanu sinayankhe, ndipo kwa ine ndi lalikulu kuposa onse: ndi mwezi wanji? Chigayo cha mu June ndi cha mu February ndi malo awiri osiyana, ngakhale nyumba yake ndi imodzi. Mu June anthu angokolola, chimanga chimabwera m'matumba panjinga ndi pangolo, chokonola chili kalikiliki, madeya ali mulu. Mu February nkhokwe zambiri zapepuka, cha kumunda sichinakhwime, anthu amabwera ndi kachimanga kogula m'kathumba kapena m'jumbo, ndipo ambiri amangogayitsa mgaiwa kuti pasatayike kanthu. Nkhani yanu ndi ya ndalama yoperewera, ndiye ine ndikanaiika mu February. Kwanu ku Kasungu nthawi imeneyo fodya akuthyoledwa n'kusokedwa kuti akapachikidwe m'zigafa, ndipo aliyense amene wagwirapo masamba aawisi aja akudziwa momwe amamatitsira manja. Zala zomata zokhazo zikhoza kutiuza boma, nyengo ndi ntchito ya pakhomo pa mwanayo popanda inu kutchula chilichonse mwa izi. Kutentha kuja kusiyeni. Kukanagwira ntchito nkhani ikanakhala ya mu October, nyenje zikulira.

Chotsala n'kusankha, ndipo wosankha ndi Tadala. Ndimeyo idutse m'thupi mwake. Mwana amene akudziwa kuti ndalama yake sikwana sayang'ana kudenga. Maso ake ali pa mtengo wogayitsira, pa nkhope ya wachigayo, pa katundu wa anzake poyerekeza ndi wake. Komanso Tadala wakhala akubwera kuno kuyambira ali wamng'ono, choncho zozolowereka sizimudabwitsa. Chimene angaone msanga ndi chimene chasintha. Akanakhala mwana wobadwira m'tauni amene wabwera kudzacheza kwa agogo, akanayamba ndi kutsokomola ufa n'kutseka makutu. Malo omwewo, ndime ina.

Nayi ndime yanu nditaiyesa, mfundo zake zili zanu zomwe zija:

"Kugunda kwa injini kunamupeza Tadala asanawoloke kamlatho, ndipo pofika pakhomo kunali kukumveka m'mapazi. Anatula kathumba kake kumapeto kwa mzere, kumbuyo kwa beseni lodzaza mphale imene fungo lake lowawasa linaitana ntchentche. Bambo wachigayo, nsidze zili mbuu, analoza ndi chibwano pakhoma pomwe mtengo wakale unali utafufutidwa, watsopano utalembedwa ndi khala. Tadala anagwira mfundo ya pachitenje chake, ndipo zala zake, zomata ndi fodya amene anasoka m'mawa, zinapapasa ndalama ija osaimasula."

Ziganizo ndi zinayi ngati zanu zija. Taonani dongosolo lake, poti ndi limene limamuyendetsa wowerenga. Tayambira patali ndi khutu, chifukwa munthu wopita kuchigayo amachimva asanachione. Tafika pakhomo, phokoso lalowa m'thupi. Taima pamzere, mphuno yagwira cha pafupi. Maso apita pa munthu mmodzi ndi pakhoma. Pomaliza tafika m'dzanja la mwanayo. Wowerenga wayenda naye kuchokera kukamlatho mpaka pa mfundo ya chitenje, ndipo sanadumphitsidwe uku ndi uku. Alembi ambiri oyamba kumene amakhala nazo zinthu zabwino, koma amazimwaza: denga, kenako msewu, kenako fungo, kenako mitambo. Wowerenga amasowa kuti thupi lake laima pati.

Taonaninso kuti chinthu chilichonse chikusenza katundu woposa umodzi. Beseni la mphale likutipatsa fungo, koma likutiuzanso kuti pamzere pali wina amene chimanga sichinamuthere, moti mu February akudyabe ufa woyera, pamene Tadala ali ndi kathumba. Chibwano cha wachigayo chikutiuza kuti phokoso ndi lalikulu kosati n'kulankhula, mawu oti "phokoso" osalembedwa. Khala pakhoma labweretsa vuto la nkhani yonse. Ndipo mawu oti "wodandaula" sakufunikanso, zala zopapasa mfundo zanena kale. Ichi ndicho muyeso umene ndimagwiritsa ntchito posankha: chinthu chongokongoletsa ndimachisiya m'kope, ndimatenga chimene chikuonetsa malo n'kukankhanso nkhani. Ukonde wa akangaude woyera ndi ufa ndimaukonda kwambiri, koma m'ndime iyi sunalowe, chifukwa Tadala alibe mtima woyang'ana kumwamba. Usungeni, udzagwira ntchito pamene iye wakanidwa ndipo akuthawitsa maso kuti misozi isagwe.

Pa za kalembedwe, mphamvu muiike pa mneni ndi pa dzina lenileni la chinthu. "Kunamupeza", "anatula", "analoza", "zinapapasa" ndi amene akuyendetsa ndimeyo. Mawu ngati "kwambiri" ndi "losaneneka" amaonetsa kuti wolemba wasowa chinthu chenicheni ndipo akungokweza mawu. Chichewa chathu chili ndi mwayi wa mvekero: mbuu, zii, bii, psuu. Mvekero umodzi woikidwa pamalo pake umaonetsa chithunzi chimene chikanafuna chiganizo chathunthu. Koma mukaika itatu kapena inayi m'ndime imodzi, imayamba kumveka ngati nthano ya ana ndipo wowerenga amaleka kukhulupirira. Ine ndaika umodzi basi.

Musadzikakamize kukwaniritsa kuona, kumva, kununkhiza, kukhudza ndi kulawa zonse m'ndime imodzi, ngakhale kusukulu timaphunzitsa ana kuzitchula motero. M'ndime ili pamwambayi kulawa mulibe, ndipo palibe amene angakusowe. Wolemba akamachonga zisanuzo chimodzichimodzi zimaonekera, ndime imasanduka ndandanda, mpangankhani n'kuima chilili kudikira kuti mlembi amalize kuzungulira. N'chifukwa chake m'chiganizo chilichonse ndasiya wina akuchita kanthu.

Chenjezo limene ndikufuna mulisunge: chinthu chenicheni chikalakwika chimapweteka kuposa mawu osalozera kanthu. Mukalemba fungo la dizilo pa chigayo chimene mwanena kuti chaima chifukwa magetsi azima, kapena mwana akudya mango mu June, owerenga anu, amene anakulira pa zinthu zimenezi, aona nthawi yomweyo, ndipo akayikira ndime zotsatira zonse. Tsimikizani kuti chigayo chanu ndi cha mtundu uti musanalembe chiganizo choyamba. Chikakhala cha magetsi, mwina khomo labwino lolowera ndi bata: Tadala akuyandikira, sakumva kanthu, akupeza amayi atakhala pamatumba awo pamthunzi, ena atayamba kale kulukana tsitsi. Kusowa kwa phokoso limene munthu amaliyembekezera kumamveka kwambiri m'khutu la wowerenga, ndipo kulukana tsitsiko kukutiuza kuti magetsi sanazime posachedwa.

Mukalemba yanu, muiyese chonchi. Bisani mawu aliwonse otchula chigayo, muwerengere munthu mokweza, makamaka amene sadziwa nkhaniyo. Mnzanu uja ali bwino, kapenanso ana a Sitandade 8. Afunseni mafunso atatu: tili kuti, ndi nyengo yanji, mwanayu chikumuvuta n'chiyani? Akalephera loyamba, zinthu zanu n'zopezeka paliponse. Akalephera lachiwiri, simunasankhe mwezi. Akalephera lachitatu, mwajambula malo koma mwaiwala mwini maso. Powerenga mokwezapo mudzamvanso pamene mpweya ukukutherani. Chiganizo chimenecho chanyamula zambiri, chotsanipo chimodzi.

Ndime yoyamba isapitirire ziganizo zinayi kapena zisanu, ndipo musailemetse ndi mbiri ya banja la Tadala, chifukwa chomwe ndalama yaperewera, kapena kumene bambo ake ali. Zimenezo zibwera pang'onopang'ono kutsogolo. Ikangotha ndimeyi, mzere usunthe, Tadala afike pamaso pa wachigayo, ndipo wina alankhule, mokuwa kuti amveke pamwamba pa injini. Mukalemba mpaka pamenepo munditumizirenso, ndikufuna ndimve zimene bamboyo amuyankhe mwanayo.