Laputopu ikatsegula ku ofesi koma kunyumba n'kukana, yang'anani pulokisi

"Abale, laputopu yanga ku ofesi imatsegula masamba bwinobwino, koma kunyumba Chrome akungolemba ERR_PROXY_CONNECTION_FAILED. Foni ikugwira pa Wi-Fi yomweyo. Ndigule rauta ina?"

Musagule rauta, achimwene, ndipo amene akuti muikenso Windows aja musawamvere. Rauta yomwe ikutumikira foni ilibe mlandu. A ku ofesi anauza laputopuyo kuti tsamba lililonse lizidzera pa kompyuta yawo ya pulokisi, ndiye mukafika kunyumba iyo ikufunabe kompyuta ija. Adiresi yake kawirikawiri imakhala yamkati, monga 10.0.0.5 pa poti 8080, ndipo adiresi zoyamba ndi 10 sizifikika mukakhala kunja kwa netiweki yawo.

Lowani mu Settings, kenako Network & internet, kenako Proxy. Pansi pa Manual proxy setup mupeza Use a proxy server ili yoyatsa. Musanaizimitse, jambulani adiresi ndi poti zomwe zalembedwapo. Apa ndikunenetsa chifukwa ine zinandionekera: ndinafufuta zonse Loweruka ndikusangalala kuti intaneti yabwera, Lolemba ku ofesi palibe tsamba lomwe linatseguka, ndipo ndinakhala mpaka masana kudikira munthu woti andiuze manambala omwe ndinataya ndekha. Ingozimitsani batanilo, manambalawo muwasiye momwemo. Onaninso Use setup script pamalo omwewo. Ngati pali adiresi yothera ndi .pac, nayonso ndi ya ku ofesi, choncho zimitsaninso batani lake. Automatically detect settings mutha kuisiya yoyatsa.

Chrome ndi Edge amatsatira zomwe mwasintha mu Windows, choncho atsegula nthawi yomweyo. Firefox ali ndi zake mu Network Settings, ndipo ngati wina anamulembera pulokisi pamanja, akanabe mpaka musankhe Use system proxy settings.

Chomwe chinandizunza kwambiri n'chakuti masamba anayamba kutseguka koma Windows Update inkalepherabe. Windows imasunga pulokisi pamalo enanso, omwe batani lija silikhudza. Tsegulani Command Prompt ndi Run as administrator, mulembe mzere woyambawu. Ukaonetsa adiresi ya ku ofesi m'malo mwa Direct access, ilembeni pambali, kenako wachiwiriwo uichotsa:

```
netsh winhttp show proxy
netsh winhttp reset proxy
```

Koma mukapeza mabataniwo ndi otuwa, osadinika, kapena mwazimitsa n'kupeza ayakanso okha, ndiye kuti a ku ofesi anatseka dala kudzera mu Group Policy. Pamenepo musalimbane nazo mu registry monga ena akunenera, laputopu ndi ya eni. Apempheni akuikireni fayilo ya .pac yomwe imadzera pa pulokisi mukakhala ku ofesi, n'kudutsa mwachindunji mukakhala kwina.