Mayi asokonezeka mwadzidzidzi: kodi ndi ukalamba?

Adokotala, mayi anga a zaka 74 anabwera kudzandichezera kuno ku Joni. Lolemba anaphika nsima bwinobwino, koma pofika Lachitatu anayamba kubwebweta, usiku sakugona, ndipo akuitana anthu amene anamwalira kalekale. Amamwa mankhwala a shuga. Kuchipatala anangowayang'ana n'kunena kuti ndi ukalamba. Kodi ndingovomereza? Ndine mayi wa ku Rosettenville.

Musavomereze, mayi, ndipo mubwerere nawo kuchipatala lero lomwe. Matenda oiwalaiwala a anthu achikulire amayamba pang'onopang'ono, kwa miyezi ngakhale zaka, moti achibale amalephera kutchula tsiku limene anayamba. Inu mwatchula tsiku, ndipo zimenezo zikundichititsa kuganizira vuto lina limene timalitcha deliriyamu, kumene ndi kusokonezeka kwadzidzidzi kobwera chifukwa cha matenda ena m'thupi. Wodwalayo amakhala bwinoko m'mawa n'kuipiraipira madzulo, ndipo satha kutsatira nkhani. Mukhoza kuwayesa powapempha kuti atchule miyezi chobwerera m'mbuyo kuyambira Disembala. Munthu wa vutoli kawirikawiri amasochera asanapite patali.

Choyamba kupimidwa ndi shuga, pobaya chala, ndipo zotsatira zake zimatuluka nthawi yomweyo. Shuga akatsika n'kufika pansi pa 4 ndiye kuti watsikitsa, ndipo mapilitsi ena, makamaka gilibenkilamaidi, amachita zimenezi kwa achikulire amene sakudya mokwanira kapena amene impso zawo zafooka. Kenako achipatala ayeze mkodzo, amvetsere m'chifuwa ngati muli chibayo, aonenso ngati madzi achepa m'thupi. Musanyengedwe poona kuti thupi silikutentha, chifukwa achikulire ambiri amadwala kwambiri popanda kutentha thupi. Popeza mayi achokera kumudzi, nenani zimenezo momveka kuti awayezenso malungo, pakuti kuno ku Gauteng si matenda amene wachipatala amayamba kuwaganizira.

Zimene mwakumana nazozi n'zofala, ndipo ife achipatala sitingadziyeretse. Lipoti la bungwe la WHO la mu 2021 linapeza kuti munthu mmodzi mwa awiri alionse padziko lapansi ali ndi maganizo osala achikulire. M'chipinda chopimira, maganizowa amaoneka pamene dokotala akufunsa mwana m'malo mofunsa mwini thupi, kapena pamene imvi zikhala yankho asanagwire n'komwe chopimira. Achinyamata nawonso zimawagwera: mnyamata wolankhula movutika amaganiziridwa kuti waledzera pamene wachita sitiroko. Kwathu n'zoopsa kuposa apo, chifukwa gogo wobwebweta usiku ena amathamangira kumutcha mfiti.

Mukakafika, musakayambe ndi zaka zawo. Mukanene kuti, "Lolemba anali bwino, asintha Lachitatu," ndipo mukaike patebulo mapaketi onse a mankhwala amene akumwa, ngakhale azitsamba. Ngati wopimayo akananso kuwayeza, muli ndi ufulu wopempha kuti awaone dokotala wina. Koma akayamba kuodzera osadzutsika, pakamwa kukhota kapena mkono kufooka, musadikire mzere wa kukiliniki. Imbani 112 pafoni ya m'manja.